Bwanji 1 + 3 + 5 + 7 imangotulutsa masikweya?

Nabanda: Anzanga odziwa masamu, ndithandizeni. Mwana wanga wabwera ndi funso landisowetsa chonena. Akuti ukamaphatikiza manambala a odi, aja osagawika ndi 2, kuyambira pa 1 osadumphako, yankho limakhala sikweya, nambala yomwe imapezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe. Taonani:

1 = 1 × 1
1 + 3 = 4 = 2 × 2
1 + 3 + 5 = 9 = 3 × 3
1 + 3 + 5 + 7 = 16 = 4 × 4

Tapitiriza mpaka pa 19 ndipo tapeza 100, yomwe ndi 10 × 10. Ine ndamuuza kuti basi ndi mmene manambala alili, koma iye zimenezo sakuzimva. Akufuna chifukwa chake. Chikuchititsa nchiyani kwenikweni?

Tadala: Mayi, ine ndayesa koma sizikupitirira. 1 + 3 + 5 + 7 + 11 ndi 27, ndipo 27 si sikweya. Zimangogwira koyambirira kokhako.

Mavuto: Iwe Tadala, 9 wamusiya kuti?

Tadala: 9 amagawika ndi 3 achimwene.

Mavuto: Agawike ndi 3, zilibe kanthu. Amenewo ukuganizawo ndi mapulayimu, manambala oposa 1 omwe amangogawika ndi 1 ndi iwo eni. Pano tikunena manambala omwe ukawagawa ndi 2 pamatsala 1, ndipo 9 ali momwemo, 15 ali momwemo, 21 ali momwemo. Bwezera 9 pamalo pake: 16 + 9 ndi 25, kenako 25 + 11 ndi 36. Palibe chasokonekera.

A Nabanda, nkhaniyi ndi yosavuta. Musamaphatikize motsatana, muziwakwatitsa manambalawo, woyamba ndi womaliza, wachiwiri ndi wachiwiri kuchokera kumapeto. Tengani 1, 3, 5, 7, 9, 11, 13, 15. Alipo 8. Ndiye 1 + 15 ndi 16, 3 + 13 ndi 16, 5 + 11 ndi 16, 7 + 9 ndi 16. Ma 16 anayi ndi 64, ndipo 64 ndi 8 × 8. Mwana mumuonetse zimenezi, akhuta.

Nabanda: Zikomo a Mavuto. Koma ndikumudziwa mwanayu, andifunsa kuti nanga akakhala asanu? 1, 3, 5, 7, 9. Uyu 5 akwatirana ndi ndani?

Mavuto: Aa, pamenepo ndiye njira yangayi imafuna kuti manambala akhale okwanira awiriawiri. Akakhala asanu kapena asanu ndi awiri mumangophatikiza wamba, yankho limatulukabe sikweya.

Yamikani: Ine sindivutika nazo. Ndalemba kapulogalamu ka mizere yochepa, kompyuta yaphatikiza manambala a odi 1,000,000 oyamba, ikuyang'ana pa sitepe iliyonse ngati yankho ndi sikweya. Palibe pomwe zalephera. Yankho lomaliza ndi 1,000,000,000,000. Umboni woposa pamenepa ulinso kuti?

A Kalua: Ndafika mochedwa, koma ndawerenga zonse. Ndiyambe ndi inu a Yamikani, chifukwa mwanayo ali ndi mfundo kuposa kompyuta yanuyo. Kompyuta yakuuzani kuti zagwira ka 1,000,000. Sinakuuzeni kanthu za nambala yotsatira, ndiponso sinayankhe zomwe mwana wafunsa.

Manambala amanyenga. Leonhard Euler anaona mu 1772 kuti ukatenga n × n − n + 41 umapeza mapulayimu okhaokha. Ikani 1 mupeza 41, ikani 2 mupeza 43, ikani 3 mupeza 47, kenako 53, kenako 61. Zimayenda choncho mpaka pa 40, pomwe mupeza 1601, nayonso pulayimu. Munthu woyesa ka 40 akhoza kulumbira kuti ili ndi lamulo. Ikani 41: mupeza 1681, yomwe ndi 41 × 41. Zathera pomwepo. Ndiye kuyesa kambirimbiri kumangotipatsa chiyembekezo. Chomwe tikufuna ndi chifukwa chomwe chimakakamiza yankho kukhala sikweya ngakhale pa nambala yomwe palibe anaiyesapo.

Yamikani: Chabwino aphunzitsi, 40 ndi 1,000,000 ndi zinthu zosiyana, koma ndamva. Tipatseni chifukwacho.

A Kalua: A Nabanda, mwanayo mumupatse timiyala kapena mabatani, chilichonse chowerengeka, achite ndi manja ake. Aike kamodzi pansi. Imeneyo ndi sikweya ya 1 kwa 1. Tsopano mumuuze kuti aikulitse ikhale ya 2 kwa 2, osasuntha komwe kali kale. Aika kamodzi kumanja, kamodzi kumunsi, ndi kamodzi pakona kotseka mpata. Waonjezera titatu. Mumuuzenso kuti aikulitse ikhale ya 3 kwa 3. Aika tiwiri kumanja, tiwiri kumunsi, kamodzi pakona. Waonjezera tisanu. Kukafika pa 4 kwa 4, titatu kumanja, titatu kumunsi, kamodzi pakona, zonse pamodzi 7.

Ndalemba apa, chilembo chilichonse chikuimira zomwe zaonjezedwa pa ulendo umodzi:

```
A B C D E
B B C D E
C C C D E
D D D D E
E E E E E
```

Werengani. A alipo 1, B alipo 3, C alipo 5, D alipo 7, E alipo 9. Chilembo chilichonse chapanga mkombero wokhota ngati L wozungulira mbali ziwiri za sikweya yakale. Ndiye 1 + 3 + 5 + 7 + 9 si manambala omwe mwamwayi akufika pa 25. Ndi sikweya ya 5 kwa 5 yomwe yadulidwa m'zigawo zisanu. Mukamaphatikiza mukungoilumikizanso.

Nabanda: Abale! Ndiye funsoli timaliyang'anira kolakwika. Si manambala a odi omwe akupanga sikweya, ndi sikweya yomwe ikukula ndi manambala a odi.

A Kalua: Ndi chinthu chimodzi, mwangochionera mbali inayo, ndipo mbali imeneyo ndi yomwe ili poyera. Koma musathamange, pali zinthu ziwiri zomwe mwana ayenera kuziona payekha.

Choyamba, bwanji mkombero uliwonse umakhala wa odi? Chifukwa mikono iwiri ija ndi yofanana. Zomwe mwaika kumanja ndi zomwe mwaika kumunsi nzochuluka mofanana, ndipo zinthu ziwiri zofanana zikaphatikizana zimagawika ndi 2. Kenako pamabwera ka pakona kaja, kamodzi kopanda mnzake. Kameneko ndi 1 uja amatsala mukagawa ndi 2.

Chachiwiri, bwanji umakhala odi wotsatira ndendende, osadumpha, osabwereza? Chifukwa sikweya ikakula ndi mzere umodzi, mkono wa kumanja umatalika ndi kamwala kamodzi, wa kumunsi ndi kamodzinso, ndipo ka pakona kamakhalabe kamodzi. Mkombero watsopano umaposa wapitawo ndi 2. Mwayamba pa 1, mukukwera ndi 2 nthawi zonse, mupondanso pati kupatula 3, 5, 7, 9 ndi anzawo?

Che Jafali: Aphunzitsi, inu mukunena timiyala, ine ndimayala matailosi ndipo zimenezi ndimakumana nazo ndi maso. Ukayala 12 kwa 12 mwini nyumba nkunena kuti onjezerani mzere mbali iyi ndi mbali iyo, anyamata amathamangira kukatenga 24. Amati 12 uku, 12 uku. Akamaliza kuyala pamatsala bowo pakona, tailosi imodzi yasowa. Ofunika ndi 25. Ena akamva zimenezo ulendo wina amabweretsa 26, akuti 13 uku, 13 uku, ndiye imodzi imatsala m'manja chifukwa ya pakona aiwerenga kawiri.

A Kalua: Che Jafali mwandithandiza. 144 kuphatikiza 25 ndi 169, ndipo 169 ndi 13 × 13. Onaninso kuti 25 ndi nambala ya odi ya chi 13 mukawerenga kuyambira pa 1. Anyamata anuwo onse awiri alondola theka: 12 + 12 + 1 ndi 25, ndipo 13 + 13 − 1 ndi 25 yomweyo. Wina amaiwala kona, wina amaiwerenga kawiri.

Tadala: Ndiye ngati ndamva bwino, 1 + 3 + 5 mpaka 99 ndi 99 × 99, yomwe ndi 9801?

Mavuto: Ayi iwe. Tangoganiza: manambala onsewo ndi ochepera 100 ndipo sakukwana ngakhale 60. Angafike bwanji pa 9801? Chomwe umachulukitsa si nambala yomaliza, ndi kuchuluka kwa manambala omwe waphatikiza. Kuyambira 1 mpaka 100 theka ndi a odi, ndiye alipo 50. Yankho ndi 50 × 50, 2500. Mwa njira yanga ija: 1 + 99, 3 + 97, mabanja 25 a 100 aliyense, 2500.

A Kalua: A Mavuto alondola, ndipo kayesedwe kawo koyambako nkabwino, koona kaye ngati yankho lingatheke nkomwe. Tadala, cholakwa chimenechi chimagwetsa ambiri pamayeso. Chithunzi chija chikuthandiza. Nambala yomaliza ndi mkombero womaliza. Uupatse kamwala kamodzi koonjezera kuti kona ikhale ndi tiwiri, kenako uugawe pakati. Chomwe wapeza ndi kutalika kwa mbali. 99 kuphatikiza 1 ndi 100, theka lake 50. Pa 19 wa a Nabanda uja, 20, theka lake 10, yankho 100. Yesa wekha mpaka 41.

Tadala: 42, theka lake 21, ndiye 21 × 21, 441.

A Kalua: Eya.

Tibwerere kwa 5 uja anasowa mkazi. A Mavuto, njira yanu mwaigulitsa motchipa, imagwira paliponse. 5 safuna mnzake chifukwa ali kale pomwe anzake onse akupita. Tengani 4 kwa 9 mumupatse 1, onse akhala 5. Tengani 2 kwa 7 mumupatse 3, onse akhala 5. Tsopano muli ndi ma 5 asanu. Pa chitsanzo chanu cha manambala 8, banja lililonse linali 16, kutanthauza 8 aliyense, ndiye ma 8 asanu ndi atatu. Mukasalaza manambalawo kuti afanane, aliyense amakhala wofanana ndi kuchuluka kwawo. Ichi ndi chomwe munasiya osanena: bwanji zili choncho? Woyamba ndi 1, womaliza ndi kuchuluka kwawo kawiri kuchotsa 1. Kuwaphatikiza, 1 uja amafafanizika, ndipo chotsala ndi kuchuluka kwawo kawiri, theka lake nkukhala kuchuluka kwawo komweko.

Mavuto: Ndiye njira yanga ndi yaifupi kuposa ya timiyala.

A Kalua: Powerengera, inde. Pofotokozera mwana, ine ndingayambebe ndi timiyala, chifukwa njira yanu imatulutsa 8 × 8 kumapeto ngati mphatso, pomwe timiyala timakhala sikweya pa sitepe iliyonse mwana akuona. Koma zonse ndi umboni wokwanira.

Yamikani: Apa ndiye ndikana aphunzitsi. Mwandikaniza 1,000,000 wanga kuti ndi zitsanzo chabe, inu nkubwera ndi chithunzi cha 5 kwa 5. Chimenechonso ndi chitsanzo, chaching'ono kuposa changa. Mwajambula ya 1000 kwa 1000?

Nabanda: Funso limenelo ndi lomwe mwana wanga angafunse ndithu.

A Kalua: Funso labwino, ndipo silopusa ngakhale pang'ono. Chithunzicho pachokha ndi chitsanzo, mwanena zoona. Umboni uli m'mawu omwe ndinanena pambuyo pake. Bwererani mukawawerenge, muone ngati pali pomwe ndinadalira kuti mbali ndi 4 kapena 5. Ndinati mkono wa kumanja ndi wautali ngati mbali ya sikweya, wa kumunsi chimodzimodzi, ndi kamodzi pakona. Mawu amenewo ndi oona pa sikweya iliyonse, ingakhale ya 3 kapena ya 1000. Kompyuta yanu ikamaliza nambala imodzi sidziwa kanthu za yotsatira, imayamba kuwerenga mwatsopano. Mfundo ya mkombero imakunyamulani kuchoka pa sikweya iliyonse kukafika pa yotsatira.

Kwa inu okonda zilembo, nazi. Mbali ikhale n. Kuikulitsa kumafuna n + n + 1:

n² + (2n + 1) = (n + 1)²

Tsopano nambala ya odi ya chi n ndi 2n − 1. Yesani: yoyamba 2 − 1 = 1, yachinayi 8 − 1 = 7, ya chi 50 ndi 100 − 1 = 99. Yotsatira pambuyo pake ndi yoposa ndi 2, ndiye 2n + 1. Ndi nambala yomweyo yomwe sikweya ikufuna kuti ikule. Choncho ngati manambala n oyamba apereka n², kuonjezera wotsatira kupereka (n + 1)², sizingachitire mwina. Pa 1 zikugwira, ndiye pa 2 zigwira. Zagwira pa 2, ndiye pa 3 zigwira. Palibe nambala yomwe unyolowu ungadukire, chifukwa mfundo yolumikiza ndi imodzi yomweyo paliponse. Pa za Euler zija panalibe cholumikiza chotere, pulayimu mmodzi sankalonjeza wotsatira.

Kaganizidwe kameneka akatswiri amakatcha indakishoni. Francesco Maurolico anakagwiritsa ntchito pa funso lomwe lino m'buku lake la masamu la 1575, ndipo ndi chimodzi mwa zitsanzo zakale zomwe anthu amatchula. Koma mikombero ya timiyala ndi yakale kwambiri kuposa pamenepo. Otsatira a Pythagoras ku Girisi wakale ankaidziwa, ndipo Aristotle anaitchulako.

Yamikani: Zilembozo ndazilandira. Chithunzi ndikuchikanabe. Maso amanama. Pali zithunzi zija amadula chinthu cha makona atatu m'zidutswa nkulumikizanso, kabokosi kamodzi nkusowa, anthu nkumakhulupirira.

A Kalua: Zithunzi zimenezo zimanamiza ndi mizere yopendekeka yomwe imaoneka yowongoka pomwe siili. Apa palibe choyeza ndi maso, tikuwerenga timiyala tathunthu. Kwa ine chithunzi pamodzi ndi mawu aja ndi umboni wathunthu, ndipo zilembo zikungonena zomwezo mwachidule. 2n ndi mikono iwiri, 1 ndi kona.

Yamikani: Kwa ine zilembo ndiye umboni, chithunzi ndi chokumbutsira. Tisiyane pamenepo.

Che Jafali: Musanasiyane, ndili ndi yanga. Tinene kuti 12 kwa 12 uja sitikuonjezera mzere umodzi koma itatu, ifike 15 kwa 15. Mwa kawerengedwe kanuka ndifunika 25, kenako 27, kenako 29. Zonse pamodzi 81. Koma 81 ndi 9 × 9! Ndiye zoti muyambire pa 1 zija nzosafunika, ine ndayambira pa 25 ndipo sikweya yatuluka.

Tadala: Inenso ndapeza ina, 7 + 9 ndi 16.

Mavuto: Nanga 3 + 5 + 7? Ndi 15. 5 + 7? Ndi 12. 9 + 11 + 13? Ndi 33. Mwangotola ziwiri zokomera inu.

A Kalua: Nonse muli ndi kanthu. Che Jafali, taonani zomwe mwayala. Matailosi 81 amenewo pansi sakupanga sikweya, akupanga mkombero wonenepa wozungulira ya 12 kwa 12 yomwe inalipo kale. Mukayambira pakati, chomwe mumapeza nthawi zonse ndi sikweya yaikulu kuchotsa yaing'ono yomwe mwaidumpha. Zanuzo ndi 225 − 144 = 81. Za Tadala ndi 25 − 9 = 16. Za a Mavuto, 3 + 5 + 7 ndi 16 − 1, 5 + 7 ndi 16 − 4, ndipo 9 + 11 + 13 ndi 49 − 16. Limenelo ndiye lamulo losalephera. Kuyambira pa 1 kumangotanthauza kuti palibe chomwe mwadumpha, ndiye palibe chochotsa.

Nthawi zina chotsalacho chimapezeka kuti nachonso ndi sikweya, nthawi zambiri ayi. Zikachitika, mwagunda chinthu china chodziwika. Lembani zanuzo chonchi: 81 + 144 = 225, kutanthauza 9² + 12² = 15². Za Tadala: 16 + 9 = 25, kutanthauza 4² + 3² = 5².

Che Jafali: 3, 4, 5! Ndi yomwe timayezera kona kuti ikhale yowongoka. Umayeza 3 mbali iyi, 4 mbali iyo, chingwe chodutsa pakati chikakhala 5 ndiye kona ili bwino. 9, 12, 15 ndi yomweyo kuchulukitsa katatu.

A Kalua: Yomweyo. Ndipo mukhoza kupanga ena otere mwadala, osadikira mwayi. Leonardo wa ku Pisa, yemwe ambiri amamudziwa kuti Fibonacci, analemba buku la manambala a sikweya mu 1225, ndipo analiyamba ndi mfundo yomwe mwana wa a Nabanda wafunsayi. Njira yake ndi iyi. Sankhani nambala ya odi yomwe ilinso sikweya, monga 9. Manambala onse a odi a m'munsi mwake, 1 + 3 + 5 + 7, apereka sikweya, 16. Mukaonjezera 9 mupezanso sikweya, chifukwa 9 ndi odi wotsatira pamzere. Ndiye 16 + 9 = 25, masikweya atatu.

Tengani 25. A m'munsi mwake amathera pa 23, alipo 12, ndiye 144. Kuonjezera 25 ndi 169. Mwapeza 5, 12, 13, ndipo ndi matailosi anu aja Che Jafali, a bowo pakona. Tadala, chita 49.

Tadala: A m'munsi amathera pa 47. Kuphatikiza 1 ndi 48, theka lake 24. 24 × 24 ndi 576. Kuonjezera 49 ndi 625, yomwe ndi 25 × 25. Ndiye 7, 24, 25?

A Kalua: Ndi momwemo. Njirayi sikutha, chifukwa masikweya a odi sakutha: 81, 121, 169 ndi ena. Koma siitulutsa onse. Nthawi zonse imapereka manambala awiri oyandikana, 4 ndi 5, 12 ndi 13, 24 ndi 25, chifukwa mwaonjezera mkombero umodzi wokha. 9, 12, 15 ya Che Jafali inafuna mikombero itatu. 8, 15, 17 imafuna iwiri, 31 + 33 = 64.

Nabanda: Ndakhala naye pansi mwanayo ndi mabatani. Pa 3 kwa 3 ndinamuthandiza, pa 4 kwa 4 anaiwala kona ngati anyamata a Che Jafali, anayang'anitsitsa mpatawo, nkutenga batani lina nkutsekapo. Pa 6 kwa 6 anayamba kunena nambala asanayale, akuti "khumi ndi limodzi" mabatani akadali m'manja. Ndiye wafunsa china: nanga manambala ogawika ndi 2? 2 + 4 + 6 ndi 12, si sikweya. Alakwa chiyani iwo?

Mavuto: Sanalakwe. Aliyense amaposa odi mnzake ndi 1: 2 amaposa 1, 4 amaposa 3, 6 amaposa 5. Ndiye ndi sikweya ija kuonjezera kamodzi pa nambala iliyonse. Atatu apereka 9 + 3 = 12. Anayi 16 + 4 = 20. Asanu 25 + 5 = 30.

A Kalua: Ndipo pa mabatani, ayambe ndi awiri ogundizana m'malo mwa limodzi, azungulize mikombero chimodzimodzi. Apeza 2 kwa 3, kenako 3 kwa 4, kenako 4 kwa 5. Mbali imodzi imakhala yoposa inzake ndi mzere umodzi mpaka kalekale, ndiye mikono iwiri ija siifanana. Wina umaposa ndi 1, ameneyo nkukwatirana ndi wa pakona uja, mkombero nkugawika ndi 2. Sizidzakhala sikweya pena paliponse, chifukwa yankho limagwera pakati pa masikweya awiri oyandikana: 12 ali pakati pa 9 ndi 16, 20 pakati pa 16 ndi 25, 30 pakati pa 25 ndi 36. Kuchoka pa n² kukafika pa sikweya yotsatira pamafunika 2n + 1, pomwe apa mwangoonjezera n.

Tadala: Aphunzitsi, ndimasewera ndi zoyambira pakati zija ndiye ndaona china. 1 payekha ndi 1. Awiri otsatira, 3 + 5, ndi 8. Atatu otsatira, 7 + 9 + 11, ndi 27. Anayi otsatira, 13 + 15 + 17 + 19, ndi 64. Awa ndi 2 × 2 × 2, 3 × 3 × 3, 4 × 4 × 4. Kapena ndi za Euler zija, zidzafera kutsogolo?

Yamikani: Ndayesa pa kompyuta, zikugwira patali ndithu. Koma ndikudziwa kale zomwe aphunzitsi anene.

Mavuto: Salaza. 7, 9, 11 onse akhala 9, ndiye ma 9 atatu. 13, 15, 17, 19 onse akhala 16, ma 16 anayi. Pakati pa gulu lililonse pali sikweya, ndiye 4 × 16 ndi 4 × 4 × 4. Timiyala tanuto tiyeseni pamenepa tione.

A Kalua: Sizifa Tadala, ndi zoona mpaka kalekale, ndipo Nicomachus wa ku Gerasa anazilemba kalekale. A Mavuto, apa njira yanu ndiyo yapafupi, sindikana. Koma mwaona kuti pakati pali 9 ndi 16, simunaonetse chomwe chikukakamiza kuti pakati pa gulu la chi 20 pakhale 400. Muyambe ndi kuwerenga kuti gulu lisanayambe padutsa manambala a odi angati. Gulu lachinayi lisanayambe padutsa 1 + 2 + 3.

Mavuto: Asanu ndi limodzi, omaliza 11, ndiye gululo liyambira pa 13. La chi 20 ndiye ndiphatikize 1 mpaka 19, ndi 190, womaliza 379, liyambira pa 381. Manambala 20, lithera pa 419. 381 + 419 ndi 800, theka lake 400. Zatuluka. Koma ndiye ndangoyesa china chimodzi, eti? Za n ndiye zikundizungulira mutu.

Che Jafali: Ine ndikufuna kuona mmene 7, 9 ndi 11 angasanjikizanire kukhala bokosi la 3 kwa 3 kwa 3 osadula kanthu. 9 ndi nsanjika imodzi yathunthu, chabwino. 11 ndi nsanjika ina ndi ziwiri zotsala, ndipo 7 akusowa ziwiri zomwezo. Pa 4 ndiye 19 apereka zitatu kwa 13, 17 apereka imodzi kwa 15. Koma sizikuoneka zokha ngati mikombero ija, ndikuchita kukakamiza. Alipo ali ndi kayalidwe kabwinoko?